Tirayo balansi

Tirayo balansi ndi mndandanda wa mabalansi a maakaunti onse amene ali mu leja pa tsiku limodzi losankhidwa, olembedwa m'mizere iwiri: mzere wa debiti kumanzere ndi mzere wa kirediti kumanja. Wosunga mabuku amaukonza pofuna kuona ngati chiwerengero chonse cha debiti chikufanana ndi chiwerengero chonse cha kirediti asanayambe kuwerengera phindu la bizinesi. Mizere iwiriyi ikasiyana, ndiye kuti penapake m'mabuku mwalakwika. Cholakwika chimodzi chimene chimachitika kawirikawiri ndi kusinthanitsa manambala, monga kulemba 38 pamene pamayenera kulembedwa 83. Cholakwika chimenechi chimasiya chizindikiro chake: kusiyana kwa mizere iwiri kumagawika ndi 9 popanda chotsala.

## Maziko ake

Tirayo balansi imachokera m'kalembedwe ka mabuku kolemba kawiri. M'kalembedwe aka, chochitika chilichonse cha ndalama chimalembedwa m'maakaunti awiri, kumodzi kudebiti kwinako kukirediti, ndipo ndalama zake zimakhala zofanana. Mwini sitolo akalipira lendi ya K60,000 kuchokera m'bokosi, akaunti ya lendi imalandira debiti ya K60,000 ndipo akaunti ya ndalama za m'bokosi imalandira kirediti ya K60,000. Popeza debiti iliyonse ili ndi kirediti yake, madebiti onse a mu leja akaphatikizidwa ayenera kufanana ndi makirediti onse.

Buku loyamba losindikizidwa limene linafotokoza kalembedwe aka mwatsatanetsatane ndi Summa de arithmetica la Luca Pacioli, lomwe linatuluka mumzinda wa Venice m'chaka cha 1494. Pacioli sanayambitse yekha njirayi. Iye analemba zimene amalonda a ku Italy ankachita kale, kuphatikizapo kuwonkhetsa madebiti ndi makirediti pa pepala lapadera potseka leja. Ku Malawi njirayi imaphunzitsidwa m'maphunziro a zowerengera ndalama, ndipo bungwe la akatswiri a ntchitoyi ndi Institute of Chartered Accountants in Malawi.

Tirayo balansi si akaunti, ndipo palibe chimene chimalembedwamo kawiri. Ndi pepala loyeserapo chabe.

## Kakonzedwe kake

Ntchito imayamba ndi kupeza balansi ya akaunti iliyonse. Wosunga mabuku amawonkhetsa mbali ya debiti payokha ndi mbali ya kirediti payokha, kenako n'kuchotsera chochepa ku chochuluka. Chotsalacho ndicho balansi, ndipo chimatenga dzina la mbali imene yachuluka. Akaunti imene debiti yake ndi K280,000 pamene kirediti yake ndi K147,500 ili ndi balansi ya debiti ya K132,500. Akaunti imene mbali zake zafanana imakhala kuti yatsekeka ndipo siilowa mu mndandanda.

Balansi iliyonse imakopedwa kamodzi, mu mzere wake. Katundu wa bizinesi, ndalama zimene zilipo, anthu amene ali ndi ngongole ya bizinesi, zogula, zolipira ndi ndalama zimene mwini watapa zimakhala kudebiti. Mpamba, zogulitsa ndi ngongole zimene bizinesi ikuyenera kubweza zimakhala kukirediti. Buku la ndalama, limene ambiri amalitchula kuti kashi buku, nalonso ndi gawo la leja, choncho mabalansi ake ayenera kulowa. Ophunzira ambiri amaliiwala chifukwa limasungidwa palokha, nthawi zambiri m'dilowa ina.

Katundu amene amaoneka mu tirayo balansi ndi wa poyambira, amene analipo tsiku loyamba la nyengo imene ikuwerengedwa. Katundu wotsala pa mapeto amadziwika powerenga matumba ndi makatoni, ndipo amakhala asanalowe mu leja pa nthawiyi.

## Chitsanzo cha sitolo ya pa Benga

Benga ndi malo a malonda m'boma la Nkhotakota, pa msewu wa M5 umene umadutsa m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, pakati pa Salima ndi boma la Nkhotakota. Anthu a m'derali amalima mpunga ndi chinangwa, ena ndi asodzi. Chitsanzo chotsatirachi ndi chongopeka pofuna kuonetsa njira, ndipo sichikunena sitolo yeniyeni. Chikunena za sitolo imene imagula mpunga kwa alimi, n'kukaupunthitsa ku chigayo, kenako n'kumaugulitsa pamodzi ndi zinthu zina zimene imapikula ku holoselo ku Salima. Ena mwa makasitomala ake amatenga mpunga pa ngongole. Ndalama zimalowa m'njira zitatu: m'bokosi, ku banki ndi pafoni.

Pa 30 Juni, mwezi umene malonda a mpunga amakhala atatentha, wosunga mabuku anakopa mabalansi motere:

| Akaunti | Debiti (K) | Kirediti (K) |
|---|---|---|
| Ndalama za m'bokosi | 186,500 | |
| Ndalama za ku banki | 940,000 | |
| Ndalama za pafoni | 212,300 | |
| Katundu wa poyambira | 650,000 | |
| Zogula | 3,275,000 | |
| Sikelo, mashelefu ndi njinga | 480,000 | |
| Malo odyera | 177,500 | |
| Wamalonda wa ku Salima | 310,000 | |
| Thiransipoti | 163,000 | |
| Kupunthitsa mpunga | 142,400 | |
| Lendi | 60,000 | |
| Malipiro a antchito | 180,000 | |
| Zotapa mwini | 150,000 | |
| Mpamba | | 2,000,000 |
| Zogulitsa | | 3,912,000 |
| Holoselo | | 569,700 |
| Ngongole yokulitsira bizinesi | | 400,000 |
| Zonse pamodzi | 6,926,700 | 6,881,700 |

Mzere wa debiti unaposa wa kirediti ndi K45,000. Poyerekeza ndi mamiliyoni pafupifupi asanu ndi awiri, ndalamayi ikuoneka yochepa, ndipo ena amakopeka kuti angoiwonjezera pa mpamba kuti mizere ifanane. Kutero n'kubisa cholakwika, osati kuchikonza. M'chitsanzo ichi K45,000 imeneyi inali ndalama ya munthu amene analipira kale, ndipo ikanafunsidwanso kwa iye kachiwiri.

## Zoyamba kuyesa

Kufufuza kumayenda chobwerera, kuyambira pa ntchito imene yachitika komaliza. Chifukwa chake n'chakuti ntchito yomalizayo ndi yaifupi kuibwereza. Wosunga mabuku anawonkhetsanso mizere iwiri, ulendo uno kuyambira pansi kupita pamwamba, poti munthu akabwereza njira imodzimodziyo amabwerezanso cholakwika chomwecho. Mayankho sanasinthe. Anawerenganso maakaunti a mu leja n'kupeza kuti onse khumi ndi asanu ndi awiri okhala ndi balansi alowa mu mndandanda.

Kenako anayang'ana nambala ya kusiyanako payokha. Ngati chochitika china chalembedwa mbali imodzi yokha, kusiyana kumafanana ndendende ndi ndalama ya chochitikacho. M'mwezi wa Juni munali ndalama imodzi ya K45,000, yolipira galimoto imene inanyamula katundu kuchokera ku Salima. Inapezeka kukirediti kwa buku la ndalama komanso kudebiti kwa akaunti ya thiransipoti. Inalembedwa bwino, ndipo kufanana kwake ndi kusiyanako kunangochitika mwangozi.

Chiyeso chachiwiri ndi kugawa kusiyanako ndi 2. Ndalama ikalembedwa mbali yolakwika, mbali imodzi imachuluka ndi ndalamayo pamene inayo imaperewera ndi ndalama yomweyo, choncho kusiyana kumakhala kuwirikiza kawiri. Theka la K45,000 ndi K22,500, ndipo m'mabuku onse a mwezi umenewo munalibe ndalama yotere.

Chiyeso chachitatu ndi kugawa ndi 9. Yankho linali 5,000, popanda chotsala.

## Chifukwa chimene 9 amagwirira ntchito

Nambala iliyonse imalembedwa ndi madijiti, kutanthauza zizindikiro khumi zoyambira pa 0 kufika pa 9, ndipo mphamvu ya dijiti imadalira malo amene yakhala. Mu 83, dijiti 8 ikuimira 80 ndipo 3 ikuimira 3. Zikasinthana malo n'kukhala 38, 8 uja watsika kuchoka pa 80 kufika pa 8, ndipo wataya 72, komwe ndi 8 kuchulukitsa ndi 9. Naye 3 wakwera kuchoka pa 3 kufika pa 30, ndipo wapindula 27, komwe ndi 3 kuchulukitsa ndi 9. Zotayika ndi zopindulidwa zonse ndi magulu a 9, choncho kusiyana kwake, 45, nakonso ndi magulu a 9. Pa masamu zimalembedwa motere:

```
(10a + b) - (10b + a) = 9(a - b)
```

Mfundoyi ikupereka zambiri kuposa kungodziwitsa kuti mwina manambala asinthana. Yankho limene limatuluka pogawa ndi 9 limanena zinthu ziwiri. Dijiti yake yoyamba ndi kusiyana kwa madijiti awiri amene asinthana. Maziro amene akutsatira akusonyeza malo amene madijitiwo ali. Pa yankho la 5,000, madijiti awiriwo akusiyana ndi 5, ndipo maziro atatu akutanthauza kuti kumanja kwa madijiti osinthanawo kuli madijiti ena atatu amene sanakhudzidwe. Choncho ofunidwawo ndi dijiti yachinayi ndi yachisanu kuwerenga kuchokera kumanja.

Madijiti osiyana ndi 5 alipo magulu asanu okha: 0 ndi 5, 1 ndi 6, 2 ndi 7, 3 ndi 8, komanso 4 ndi 9. Mmalo moyang'ana manambala mazana ambiri a mwezi wonse mofanana, wofufuza amangoima pa amene ali ndi 05, 16, 27, 38, 49 kapena 50, 61, 72, 83, 94 pa malo amenewo.

Mbali imene yachuluka imachepetsanso ntchito. Popeza debiti ndiyo yaposa, pali njira ziwiri zokha. Mwina nambala ina ya kudebiti yalembedwa yaikulu kuposa mmene iyenera kukhalira, kapena nambala ina ya kukirediti yalembedwa yaing'ono. Kudebiti wofufuza amasaka 50, 61, 72, 83 ndi 94. Kukirediti amasaka 05, 16, 27, 38 ndi 49.

Madijiti osayandikana akasinthana, monga 823 kulembedwa 328, kusiyana kumakhala 495. Nambalayi imagawika ndi 9, komanso imagawika ndi 99 n'kupereka 5, komwe ndi kusiyana kwa 8 ndi 3. Choncho ngati kugawa ndi 9 kwapereka madijiti awiri ofanana, monga 55, madijiti osinthanawo ali ndi dijiti ina pakati pawo.

Pali njira yachidule yodziwira ngati nambala imagawika ndi 9 popanda kugawa: kuphatikiza madijiti ake. Pa 45,000, 4 kuphatikiza 5 ndi 9. Pa 495, madijiti akupereka 18, ndipo 1 kuphatikiza 8 ndi 9. Pa kompyuta, mu pulogalamu ya masamu monga Excel, chotsala chimapezeka ndi `=MOD(45000,9)`, ndipo yankho likakhala 0 ndiye kuti nambalayo yagawika.

Lamuloli limadalira kuwerenga kwa makumi. Kwacha isanayambe m'chaka cha 1971, Malawi inkagwiritsa ntchito mapaundi, mashiling'i ndi mapeni, ndipo shiling'i imodzi inali mapeni 12. Kalaliki wa nthawi imeneyo akalemba mashiling'i 3 ndi mapeni 5 mmalo mwa mashiling'i 5 ndi mapeni 3, kusiyana kunali mapeni 22, nambala yogawika ndi 11 osati 9. Pa kwacha ndi tambala lamulo la 9 limagwira paliponse, ngakhale pakati pa kwacha yomaliza ndi dijiti yoyamba ya matambala, bola kusiyanako kuwerengedwe konse m'matambala.

## Kulondola cholakwikacho

Wosunga mabuku anayamba ndi tirayo balansi yeniyeniyo, poti cholakwika chikhoza kulowa pokopa balansi kuchokera mu leja. Mu mzere wa debiti munali manambala awiri okayikitsa: katundu wa poyambira, K650,000, amene akanatha kukhala K605,000, ndi zotapa mwini, K150,000, zimene zikanatha kukhala K105,000. Onse awiri ali ndi 50 pa malo ofunidwa. Katundu wa poyambira anafanana ndi pepala lowerengera katundu la kumapeto kwa Meyi. Zotapa mwini zinali ndalama ziwiri, K90,000 ndi K60,000, ndipo zonse zinapezeka m'buku la ndalama. Mu mzere wa kirediti munalibe nambala yokayikitsa.

Izi zinatanthauza kuti cholakwika chili mkati mwa akaunti ina, osati pa balansi yake. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Nambala yosinthanitsidwa ikaphatikizidwa ndi manambala ena, maonekedwe ake amasowa. Balansi ya akaunti imene inali ndi cholakwika, K177,500, ili ndi 7 ndi 7 pa malo ofunidwa, ndipo palibe chimene chikanamuchititsa munthu kuikayikira poingoyang'ana.

Anatsegula leja n'kuyamba kuyenda akaunti ndi akaunti. Mu akaunti ya kupunthitsa mpunga, kudebiti, munali K72,400. Risiti ya ku chigayo inali ya K72,400, ndipo buku la ndalama linali ndi nambala yomweyo kukirediti. Anaika kachizindikiro ka pensulo pa manambala onse awiri n'kupitirira. Kuchonga kotere kumathandiza kuti nambala imodzi isayang'anidwe kawiri, ndipo pomaliza nambala yopanda chizindikiro imaonekera yokha.

Akaunti ya malo odyera, amene amatenga mpunga pa ngongole, inali motere:

| Tsiku | Chochitika | Debiti (K) | Kirediti (K) |
|---|---|---|---|
| 1 Juni | Balansi yochokera m'Meyi | 64,000 | |
| 5 Juni | Mpunga pa ngongole | 120,000 | |
| 12 Juni | Walipira, ndalama za m'bokosi | | 64,000 |
| 18 Juni | Mpunga pa ngongole | 96,000 | |
| 21 Juni | Walipira, ndalama za pafoni | | 38,500 |

Nambala ya pa 21 Juni ili kukirediti, ili ndi 38 pa malo ofunidwa, ndipo dijiti yaing'ono ndiyo yatsogola. Inakwaniritsa zonse zitatu zimene zinkasakidwa. M'buku la ndalama, mu mzere wa ndalama za pafoni, pa tsiku lomwelo panalembedwa debiti ya K83,500 kuchokera ku malo odyera. Kuchotsera K38,500 ku K83,500 kunapereka K45,000, kusiyana konse kwa tirayo balansi.

Kupeza manambala awiri osagwirizana sikunathetse nkhani. Mabukuwo anangosonyeza kuti imodzi mwa manambala awiriwa ndi yolakwika, koma sananene kuti ndi iti. N'zotheka kuti mwini malo odyera anatumiza K38,500 ndipo buku la ndalama ndilo linalakwitsa. Zikanakhala choncho debiti ikanaposabe kirediti ndi K45,000 yomweyo, ndipo tirayo balansi ikanaoneka chimodzimodzi. Chimene chimagamula ndi chikalata choyambirira. Uthenga wa pafoni wa pa 21 Juni unasonyeza kuti K83,500 ndiyo inalandiridwa, ndipo kope la risiti imene inaperekedwa kwa kasitomala linali ndi nambala yomweyo. Panalinso umboni wina: ndalama zimene zinali pafoni pa 30 Juni zinali K212,300, zofanana ndi balansi ya m'buku. Buku la ndalama likanakhala kuti lachulukitsa, pafoni pakanapezeka ndalama zoperewera ndi K45,000.

Cholakwika chinachitika pokopa nambala kuchokera m'buku la ndalama kupita mu akaunti ya kasitomala. Pa nthawi imeneyi wolemba amasunga nambala m'mutu kwa kanthawi akutembenuza masamba kufunafuna akaunti, ndipo m'sitolo nthawi zambiri pamakhala wina amene akufunsa mtengo wa sopo. Madijiti 3 ndi 8 amafanananso akalembedwa pamanja mothamanga, zimene zimachititsa kuti diso lisaone vuto pobwereza.

## Kukonza

Ngongole yeniyeni ya malo odyera inali K132,500, osati K177,500. Mbali ya debiti ya akauntiyo ndi K280,000, ndipo mbali ya kirediti ikakonzedwa ndi K147,500. Sitoloyo ikanatumiza chikumbutso cha ngongole cholakwikacho chisanapezeke, ikanafunsa kasitomala K45,000 imene anali atalipira kale masiku asanu ndi anayi m'mbuyomo. Pamalo aang'ono ngati Benga, pamene wogula ndi wogulitsa amakumana pa msika ndi pa maliro, nkhani yotere siithera pa kauntala.

Kakonzedwe kamadalira nthawi imene cholakwika chapezeka. Chikapezeka mabuku a mwezi asanatsekedwe, akaunti imodzi yokha ndiyo imakhudzidwa, poti mbali inayo inalembedwa bwino. Wosunga mabuku amadula nambala yolakwikayo ndi mzere umodzi woti iziwerengekabe, amalemba yolondola pamwamba pake n'kusainira pambali. Kufufuta kapena kupaka utoto woyera sikuloledwa m'mabuku osungidwa bwino, chifukwa wodzayendera mabuku sangasiyanitse kukonza koona ndi kubisa kuba.

Ngati mabuku ayenera kutsekedwa cholakwika chisanapezeke, kusiyanako kumaikidwa mu akaunti yongoyembekezera yotchedwa sasipensi. M'chitsanzo ichi sasipensi ikanalandira kirediti ya K45,000 pa 30 Juni, poti kirediti ndiyo inaperewera, ndipo mizere yonse iwiri ikanafika pa K6,926,700. Cholakwika chikapezeka, chimakonzedwa kudzera mu jenolo:

| Akaunti | Debiti (K) | Kirediti (K) |
|---|---|---|
| Sasipensi | 45,000 | |
| Malo odyera | | 45,000 |

Pansi pake pamalembedwa mawu ofotokoza kuti K83,500 yolandiridwa pa 21 Juni inalembedwa ngati K38,500 mu akaunti ya kasitomala. Ndalama yokonzera ndi K45,000 yokha, osati K83,500 yonse, chifukwa K38,500 ili kale mu akauntiyo. Sasipensi imatsekeka, ndipo tirayo balansi yatsopano imapereka K6,881,700 mbali zonse ziwiri.

Cholakwika ichi sichinakhudze phindu la mweziwo, poti akaunti ya kasitomala ndi ya ngongole, osati ya zogulitsa kapena zolipira. Chikanachitika mu akaunti ya zogulitsa kapena ya thiransipoti, phindu likanalakwika ndi K45,000 yathunthu.

## Malire a njirayi

Kugawika ndi 9 si umboni wokwanira kuti manambala asinthana. Pa manambala asanu ndi anayi alionse otsatizana, imodzi imagawika ndi 9, choncho cholakwika cha mtundu wina uliwonse chikhoza kupereka kusiyana kotere mwangozi. Mbali inayo ndiyo yodalirika: ngati cholakwika ndi chimodzi chokha ndipo kusiyana sikugawika ndi 9, kusinthanitsa manambala kungachotsedwe pa zokayikiridwa.

Pali cholakwika china chimene chimapereka chizindikiro chomwecho, chomwe ndi kusiya kapena kuwonjezera ziro. Kulemba K5,000 mmalo mwa K50,000 kumabweretsanso kusiyana kwa K45,000. Pa cholakwika ichi yankho la kugawa ndi 9 ndilo nambala yaing'onoyo. Kulemba K1,260 mmalo mwa K12,600 kumapereka K11,340, ndipo kugawa ndi 9 kumabweza 1,260. Choncho yankho likakhala la madijiti angapo osiyana, wofufuza amasaka nambala yomweyo m'mabuku. Ku Malawi, kumene mitengo yambiri imathera ndi maziro awiri kapena atatu, cholakwika ichi n'chosavuta kuchita.

Zolakwika zikakhala ziwiri kapena kuposa, njirayi imafooka. Kusinthanitsa kuwiri kumaperekabe nambala yogawika ndi 9, koma yankho silinenanso madijiti kapena malo ake. Kusinthanitsa kumodzi pamodzi ndi cholakwika cha mtundu wina kumafafaniza chizindikirocho. Zikatero chotsala ndi kuchonga chochitika chilichonse kuyambira pa tirayo balansi yomaliza imene inagwirizana. N'chifukwa chake mabizinesi amaikonza mwezi ndi mwezi: masamba a mwezi umodzi amayendeka pa tsiku limodzi, a chaka chonse amatenga masabata.

Malire aakulu kwambiri ndi akuti kusinthanitsa kumaonekera pokhapokha kwachitika mbali imodzi. Wosunga mabuku akanawerenga uthenga wa pafoni molakwika n'kulemba K38,500 m'buku la ndalama, kenako n'kukopa nambala yomweyo mu akaunti ya kasitomala, debiti ndi kirediti zikanafanana ndipo tirayo balansi ikanagwirizana bwinobwino. N'chimodzimodzinso ndi chochitika chimene sichinalembedwe konse, ndalama yolembedwa mu akaunti ya kasitomala wina, kapena sikelo yatsopano yolembedwa ngati katundu wogulitsa. Zonsezi zimadutsa osaoneka.

Mapulogalamu a pa kompyuta osungira mabuku amakana chochitika chimene mbali zake sizikufanana, choncho tirayo balansi yawo imagwirizana nthawi zonse. Kusinthanitsa manambala kumachitikabe polowetsa nambala koyamba, ndipo kumalowa mbali zonse ziwiri. Kumadzaonekera poyerekeza buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki kapena ya ndalama za pafoni, kapena kasitomala akabwera ndi risiti yake. Kusiyana kumene kumapezeka pa kuyerekeza kumeneko nakonso kumayesedwa ndi 9 m'njira yomweyi.